Moni wa Pakauntala

Pa boma pa Mchinji, ukangodutsa pamene pamaima maminibasi opita kumalire, pali sitolo ya zipangizo zaulimi ya a Lameki. Mbewu, feteleza, makasu, mankhwala a anankafumbwe, zonse zili momwemo, ndipo fungo lake limakuchingamira usanaponde pakhonde. Mitengo yake si yotsika kuposa kwina. Feteleza ndi wodula paliponse, asakunamizeni munthu. Anthu a ku Kapondo, ku Chiosya ndi ku Dambe ankadutsa masitolo ena n'kudzalowa muno chifukwa cha Millicent, mayi amene ankayang'anira ogulitsa.

Millicent anali wa ku Kapondo komweko. Akakufunsa kuti kunyumba kuli bwanji, ankafunsadi, ndipo ukabweranso mwezi wamawa ankakumbukira kuti unati mwana ali ndi chifuwa. Alimi ankamuuza zonse, ngakhale zimene sakanauza mlangizi: kuti fodya wagwa mtengo, kuti ndalama yatsala ya thumba limodzi, kuti kunyumba sikuli bwino. Iye ankadziwa kuti chuma chake ndi chomwecho. Analibe galimoto kapena nyumba yamalata yakeyake, koma anthu akwawo ankalankhula naye osabisa thumba.

Mu Okutobala, mvula ili pafupi, a Lameki analemba ogulitsa atsopano awiri, Yankho ndi Rozi. Yankho anabwera yekha ndi makalata ake. Rozi anachita kumupemphera malo Millicent. Anali mtsikana wa m'mudzi woyandikana ndi kwawo, woimba naye kwaya imodzi, wochangamuka, wa mano oyera ndi pakamwa potsekemera. Popeza analibe pofikira pa boma, Millicent anamuyalira mphasa m'nyumba mwake.

M'mawa uliwonse, asanatsegule zitseko, Millicent ankawaphunzitsa ntchito. Ankavala chipewa chakale cha a Lameki n'kulowa ngati mlimi, iwo ali kuseri kwa kauntala.

“Munthu akalowa, siyani foni, muyang'aneni, mupatseni moni,” ankatero. “Musamuthamangire ngati kondakitala. Musamamutsate m'mbuyo ngati mukumuganizira kuti aba. Ayambe wanena chimene wadzera, ndipo mumupatse chimenecho poyamba.”

“Nanga za katundu wina timuuza nthawi yanji?” anafunsa Yankho.

“Akalandira chimene wadzera. Mutchule chinthu chimodzi chokha, chogwirizana ndi chimene wagula. Wagula matumba osungira chimanga, mufunseni ngati mankhwala a anankafumbwe ali nawo kale. Nenani ntchito yake, nenani mtengo wake momveka. Kamodzi basi. Akakana, thokozani ndi nkhope yomweyo imene munamulandira nayo. Ndipo chinthu chimene sanavomere musachiike pakauntala, chifukwa chikakhala pamaso pake amachita manyazi kuchibweza.”

Yankho ankavutika. Moni wake unali wouma ngati wa wapolisi wa parodibuloko, ndipo munthu akakana, nkhope yake inkagwa. Rozi ankangomva kamodzi. Ankadziwa popinda bondo, poseka, pokhala chete. Millicent ankamunyadira poyera, mpaka anauza a Lameki kuti mtsikanayu adzaposa onse.

Tsiku lina Rozi anafunsa funso lanzeru. “Amayi, ngati tanena kamodzi, mwaulemu, osakakamiza, ndiye kuti palibe cholakwa, eti?”

Millicent anavula chipewa chija n'kukhala pathumba la feteleza. Apa ndi pamene anatsegula pakamwa mopitirira muyeso, ndipo anatero chifukwa ankaona ngati akulankhula ndi mng'ono wake.

“Cholakwa chilipo. Muziyang'ana amene wabwera naye. Kwathu kuno munthu sakana chinthu pamaso pa aliyense. Mukudziwa inu kuti kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Ndikupatseni chitsanzo cha achimwene anga enieni, a Cyprian. Anakwatira ku Chiosya, amakhala chikamwini kwa alamu anga a Stelia. Munda umene amalima ndi wa kuchikazi. Atsibweni a mkazi wawo, a Jailosi, ndiwo eni mbumba, ndipo mpaka lero amawayesa achimwene ngati munthu wosakwanitsa kudyetsa banja. Achimwene akabwera okha n'kuwauza za sipuleya yopopera mankhwala m'munda, adzaseka n'kunena kuti chaka chamawa. Koma muwauze a Jailosi ali pambali, adzagula. Ngakhale ndalamayo ikhale ya feteleza, adzagula, chifukwa kunena kuti ndilibe pamaso pa akuchikazi ndi imfa kwa iwo. Ndiye munthu akabwera ndi apongozi, kaya atsibweni, kaya chibwenzi, mupatseni chimene wadzera, mutseke pakamwa. Pamenepo ngakhale mawu aulemu amasanduka chingwe.”

Yankho anagwedeza mutu. Rozi anamvetsera mwachidwi kuposa masiku onse, ndipo Millicent anakondwa kuti phunziro lalowa.

Mvula yoyamba itagwa, sitolo inadzaza. A Lameki anali ndi nkhawa yawo: anaoda masipuleya ambiri, aja oberekera kumsana, ndipo anangoti mbwee pashelefu kusonkhanitsa fumbi. Tsiku lililonse ankawayang'ana n'kuusa moyo ngati munthu amene ana ake aakazi akukalambira pakhomo. Analengeza kuti wogulitsa masipuleya ambiri ndiye adzakhale patsogolo akadzatsegula sitolo ina kumalire.

Lachisanu lina chakum'mawa kunabwera lole ya mbewu, ndipo Millicent anapita kuseri kukailandira. Atabwerera, atanyamula katoni, anamva mawu odziwika. Anaima pakati pa milu ya matumba.

A Cyprian anali pakauntala, atavala malaya awo a kutchalitchi. Pambali pawo panali a Jailosi, bambo wamtali wa jekete lakuda, manja ali kumbuyo. Rozi anali atapinda bondo bwino lomwe.

“Takulandirani, bambo. Kunyumba mwasiyako bwanji? A Stelia ali bwanji, ndi ana?”

“Ali bwino, kaya inu kuno,” anayankha a Cyprian, akumwetulira poona kuti akudziwika. “Ndadzera matumba awiri a feteleza, wokulitsa ndi wobereketsa.”

“Alipo, bambo. Akutengerani pompano.” Rozi anatembenukira kwa a Jailosi, mawu ake ali ofewa. “Agogo, muli ndi mkamwini wolimbikira. Achemwali awo sasiya kuwatchula muno. Amati alimi ngati a Cyprian sadikira kuti mbozi zilowe m'munda ndiye azikabwereka sipuleya kwa anzawo.”

Akulankhula choncho, anatsitsa sipuleya yabuluu pashelefu, naipukuta ndi kansalu, naiika pakauntala pakati pa amuna awiriwo. Anatchula mtengo wake momveka, kamodzi kokha, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, manja atawagwira kutsogolo. Munthu wongodutsa akanati mtsikanayu ndi waulemu zedi.

A Jailosi anagogoda sipuleyayo ndi chala. “Chaka chatha tinakabwereka kwa aphunzitsi,” anatero, osayang'ana munthu. “Anatipatsa mbozi zitamaliza kale. Koma kaya, mwina ndi zinthu za anthu a ndalama izi.”

Millicent anayang'ana achimwene ake. Anafuna kuponya katoni pansi n'kufuula kuti achimwene, siyani, mudzagula chaka chamawa. Koma akanatero, ndiye kuti wauza a Jailosi ndi sitolo yonse kuti mlongo wake alibe ndalama, ndiponso kuti amalamulidwa ndi mlongo wake wamng'ono. Zimenezo zikanapweteka kuposa sipuleya. Iye yemwe ndiye anaphunzitsa kuti pamalo otere pakamwa pamatsekedwa, ndipo anangoima pomwepo, katoni ili m'manja.

“Tiitenga,” anatero a Cyprian. “Feteleza mundipatse wokulitsa yekhayo. Wobereketsa ndidzabwerera, lero njinga ingalemedwe.”

Aliyense amene analimapo chimanga akudziwa tanthauzo la kudzabwerera kumeneko. A Jailosi anamwetulira koyamba. Rozi anathokoza, nathandiza a Cyprian kuyesa malamba a sipuleya kumsana. Potuluka, a Cyprian anaona mlongo wawo ataima pakati pa matumba. Anamuyang'ana, anayang'ana Rozi, n'kumuyang'ananso iye. Anangokweza dzanja pang'ono n'kutuluka.

Millicent anadikira mpaka nthawi ya nkhomaliro. Anamupeza Rozi kuseri kwa sitolo akudya chipisi.

“Rozi, wachita chiyani?”

“Ndagulitsa sipuleya, amayi.”

“Ndinakuuza chiyani za achimwene?”

“Munati tinene kamodzi, mwaulemu, titchule mtengo. Ndakakamiza munthu ine? Ndakweza mawu? Akanatha kukana.”

“Sakanatha, ndipo iwe umadziwa kuti sakanatha, chifukwa ndinakuuza ndine! Ndinakuuza kuti uwateteze. Waika chinthu pakauntala asanavomere. Walankhula ndi a Jailosi m'malo molankhula ndi wogula. Ndipo wanditchula ine. Ndinanena liti mawu amene aja?”

Rozi anapukuta zala papepala. Sanaoneke wamanyazi, ndipo ichi ndicho chinamupweteka kwambiri Millicent. “Amayi, sipuleya si poizoni. Iwathandiza. Inu muli ndi malo anu kale muno. Ine ndikufuna anga. Ndizigona pamphasa panu mpaka liti?”

Mtsikana ameneyu anadya m'mbale yake, anasamba ndi sopo wake, ndipo nkhani ya m'banja mwake anaitenga ngati khasu lolimira munda wake. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Millicent anapita kwa a Lameki ali ndi chikhulupiriro choti iwo, amene anagwira nawo ntchito zaka zambiri, amvetsa.

A Lameki anamvetsera mpaka kumapeto, akusewera ndi makiyi. Kenaka anaseka.

“Mayi Millicent, mwandiphunzitsira munthu. Ine ndimaona ngati masipuleya aja ndidzaikidwa nawo m'manda. Wadandaula ndani? Kasitomala watuluka akumwetulira.”

“Watuluka wopanda feteleza wobereketsa, abwana. Chimanga chake chidzakhala chachikasu.”

“Ndiye adzabwera kudzagula. Zabwinonso.” Anaika makiyi m'thumba. “Ndipotu ndimafuna ndikuuzeni. Mawa m'mawa mumusiyire Rozi kanthawi, awaonetse anzake mmene amaonera kuti munthu wabwera ndi ndani. Inu mumaphunzitsa bwino moni, iye aphunzitse kumaliza.”

M'mawa mwake Millicent anaima pakona n'kumaonerera phunziro lake lomwe litatembenuzidwa ngati malaya. Rozi anavala chipewa chija. Mawu anali omwewo: yang'anani amene wabwera naye, apongozi, atsibweni, chibwenzi. Kusiyana kwake kunali kwakuti pamene Millicent ankati tsekani pakamwa, Rozi ankati apa ndiye poyambira. Anawonjezanso china, kuti pofunsa za kunyumba muzitchera khutu, chifukwa munthu amanena yekha pamene pali pofewa. Yankho anayang'ana Millicent, kenaka anayang'ana pansi. A Lameki anaomba m'manja. Sabata yomweyo Rozi anasamuka, napeza chipinda chake kufupi ndi msika, ndipo anatsanzika mwaulemu wonse.

Lamlungu, atatuluka m'tchalitchi, Millicent anakwera kabaza kupita ku Chiosya. Maganizo ake anali oti akatenge sipuleyayo, akachonderere a Lameki aibweze, achimwene ake atenge feteleza. Atafika anapeza kuti wachedwa. Sipuleya inali itazungulira kale mudzi. A Jailosi anali ataionetsa kwa aliyense, anaithira mankhwala n'kupopera tomato wawo kudimba, ndipo tsopano inali kwa msuweni wina. Sitolo silandira sipuleya imene yalowamo mankhwala. Ndipo ngakhale ikanalandira, mkamwini angakalande bwanji chinthu chimene eni mbumba akuchinyadira?

A Stelia anamulandira bwino, namuyalira mkeka pansi pa mtengo wa mango, koma anapeza chifukwa chopitira kumjigo. A Cyprian anatulukira kuchokera kumunda, matope ali m'miyendo, nakhala pachitsa chapatali pang'ono.

“Achimwene, ndabwera kudzapepesa.”

“Kupepesa chiyani? Ndagula ndekha.”

“Mtsikana uja analakwitsa. Mawu aja ine sindinanene.”

A Cyprian anathyola kamtengo n'kumachotsa matope kuchala. “Mtsikana uja sindinamuonepo chibadwire. Koma anadziwa dzina la mkazi wanga. Anadziwa kuti a Jailosi ndi ndani kwa ine. Anadziwa poti agwire. Anamuuza ndani?”

Millicent akanatha kunama, koma sanazolowere. “Ndine. Ndimawaphunzitsa kuti asamachite zimenezo. Ndinapereka chitsanzo cha inu kuti amvetse.”

“Chitsanzo.” A Cyprian anagwedeza mutu pang'onopang'ono. “Ndiye pa boma paja, m'mawa mukamatsegula sitolo, mumayamba mwakambirana za ine. Kuti kuli munthu wina ku Chiosya, wolima munda wa eni, woopa akuchikazi. Zimene ndinkakuuza iwe pakhonde pa amayi, usiku wa maliro a bambo, ndi zimene mukuphunzitsira ana a eni kugulitsa katundu.”

“Sizinali choncho, achimwene.”

“Iwe unali pomwepo, Millicent. Ndinakuona. Unaima pamatumba, osanena kanthu.”

“Ndikanalankhula ndikanakuchititsani manyazi.”

“Mwina. Koma ine ndinaona ngati ukudikira kuti uone ngati msampha wagwira.”

Mawu amenewo anamulasa Millicent mpaka misozi inalengeza. Ananena kuti feteleza wobereketsayo agula yekha mwezi ukatha n'kumutumiza pa kabaza. A Cyprian anakana. Anati thumba likafika kuchokera kwa mlongo wawo, mudzi wonse udziwa kuti sipuleya ija inagulidwa ndi munthu wosakwanitsa, ndiye ulemu umene anaugula modula chonchi udzakhala utapita pachabe. Anamuperekeza mpaka pamsewu monga mwa mwambo, koma njira yonse anakamba za mvula.

Nkhani siigona m'mudzi. Pofika Disembala, anthu a ku Kapondo ndi ku Chiosya anali atamva kuti m'sitolo ya a Lameki moni wake ngwofufuza. Sanasiye kubwera onse, poti mbewu ina inkapezeka momwemo mokha, koma anasintha. Amuna ankasiya apongozi awo pakhonde n'kulowa okha. Amayi amene kale ankakhala pathumba n'kumufotokozera Millicent za ana awo, tsopano ankangoti tili bwino, n'kuloza chimene akufuna. A Lameki sanaone vuto, chifukwa masipuleya anatha, ndipo Rozi anamutumiza kukatsegula sitolo ya kumalire, komwe ogula ake ndi apaulendo, ogula lero osadzaonekanso.

Millicent anapitiriza kuphunzitsa. Kunabwera atsikana ena awiri, ndipo anawauza zonse monga kale: moni, chimene wadzera poyamba, chinthu chimodzi, kamodzi, kuthokoza. Atafika pa nkhani ya amene wogula wabwera naye, anaima. Anawayang'ana atsikanawo, maso awo ali gwa pa iye, anzeru, ofuna kukwera. Sanadziwe ngati akuwapatsa chishango kapena mpeni. Anangoti munthu akabwera ndi mnzake musamutchulire kanthu, ndipo atamufunsa chifukwa chake, anati ndi lamulo basi.

Chakumapeto kwa Januwale, m'mawa wina kukuwaza mvula, a Cyprian analowa m'sitolo. Anali okha. Anali ataonda, ndipo Millicent anadziwa, monga anadziwira aliyense wochokera ku Chiosya, kuti chimanga chawo chafika m'chiuno chili chachikasu. Mtima wake unadumpha ndi chimwemwe poona kuti abwera. Anamukankhira pambali Yankho n'kuima yekha pakauntala.

“Achimwene, takulandirani. Kunyumba kuli bwanji? Alamu ali bwanji? Nanga ana?”

Ankafunsa ndi mtima wonse. Ankafuna kumva ngati mwana wawo wamng'ono anachira malungo, ngati denga la khitchini analikonza, ngati a Jailosi akuwasiya kupuma. A Cyprian anamuyang'ana nthawi yaitali, osati mwaukali, koma mmene munthu amayang'anira galu wa pakhomo amene anamulumapo kamodzi.

“Ukufunsa ndani?” anatero motsitsa mawu. “Mlongo wanga, kapena sitolo?”

Mawu a mlongo ndi mawu a sitolo anali amodzimodzi, ndipo Millicent anawaphunzitsa yekha kuti akhale choncho.

“Ndipatse chikwanje,” anatero a Cyprian. “Chokhacho.”

Anawapatsa chikwanjecho. Pashelefu ya kumbuyo kwake panali tupa, ndipo chikwanje chatsopano chimafuna tupa, aliyense amadziwa. Tsiku lina lililonse akanawakumbutsa, ngati mlongo, kuti achimwene, tupa lanu lija linatha. Anangokulunga chikwanjecho m'pepala, nathokoza, ndipo a Cyprian anatuluka kulowa mumvula osamuuza ngati mwana anachira.